Kebulo ya HDMI imatha mphamvu pa mamita angati?

M'matchalitchi ambiri laputopu imakhala kumbuyo, pulojekita ili kudenga kutsogolo. Mukayeza njira yonse imene kebulo idutse, kukwera khoma ndi kuyenda m'denga, mupeza mamita 20. Kebulo wamba ya HDMI yotalika chonchi imapezeka m'masitolo, koma kuigula n'kuyesa mwayi.

Amene anakonza malamulo a HDMI sanaike malire a kutalika. Chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa uthenga wodutsa mu waya wa kopa, poti uthengawo umafooka ukamayenda, ndipo ukachuluka umafooka msanga. Chithunzi cha 1080p chimafuna magigabiti osakwana 5 pa sekondi, choncho kebulo yabwino imachifikitsa mamita 10, mwina 15 ngati waya wake ndi wonenepa, monga wa 24 AWG. Cha 4K chosintha ka 60 pa sekondi chimafuna pafupifupi magigabiti 18, ndipo mukapitirira mamita 5 mpaka 7 mavuto amayamba. Ndiye chifukwa chake kebulo imene yakhala ikugwira bwino imaoneka ngati yawonongeka tsiku limene mwabweretsa laputopu yatsopano.

Chithunzi cha HDMI sichizilala pang'onopang'ono ngati cha eriyo yakale. Poyamba mumaona timadontho toyera tikuthwanima, makamaka pamene pali pakuda. Kenako sikirini imada kwa masekondi awiri kapena atatu n'kubwereranso, nyimbo ili m'kati. Zikafika poipa imangolemba No Signal.

Musanagule kanthu, tsitsani chithunzi pa laputopu kufika pa 1080p kapena 720p. Chikakhazikika, dziwani kuti kebulo ndiyo ikulephera katundu. Mapulojekita ambiri sapitirira 1080p, ndiye nthawi zina kutsitsako kumathetsa nkhani osawononga ndalama.

Zikakanikabe, pa mamita 20 aja kebulo ya akitivi imathandiza. Ili ndi kachipangizo m'mutu mwake kolimbitsa uthenga, ndipo yafaiba, yotumiza uthenga ndi kuwala, imatha kufika mamita 100. Koma imayenda mbali imodzi yokha: mutu wolembedwa Source upite ku laputopu, wa Display ku pulojekita. Mukaitembenuza simuona kanthu, choncho iyeseni pansi musanakwere nayo kudenga. Magetsi imatenga pa doko la HDMI, limene limapereka mavoti 5 koma mphamvu yochepa kwambiri. Doko likakhala lofooka, sankhani kebulo yokhala ndi kachingwe ka USB kowonjezera magetsi.

Ine pa tchalitchi ndingasankhe ekisitenda, timabokosi tiwiri tolumikizidwa ndi kebulo ya netiweki ya Cat6. Ta HDBaseT timafika mamita 70 kapena 100, malinga ndi mtundu wake. Makoswe akatafuna kebuloyo m'denga, mumangosintha Cat6 yotchipa, pomwe yafaiba ikaduka kapena kupindidwa kwambiri ndiye kuti mugulanso yonse. Cat6 yake ikhale ya kopa weniweni, chifukwa yolembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, ndipo imayamba kudula chithunzi musanafike pa mamita olembedwa pa bokosi.