Meshi ya silabu: mashiti 5 kapena 7?

Amene akumanga nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi amadziwa kuti silabu yake ndi masikweya mita 70. Akamva kuti shiti imodzi ya meshi, ya mtundu wa Ref 193, ndi mamita 6 m'litali ndi 2.4 m'lifupi, amachulukitsa n'kupeza masikweya mita 14.4. Akagawa 70 ndi 14.4 amapeza mashiti 5, n'kukagula. Tsiku loyala, meshi imathera panjira, mchenga ndi miyala zili kale pamalo.

Masamuwo alibe vuto, koma aiwala chinthu chimodzi: mashiti sangogundana, amasanjikizana. Waya wa shiti imodzi amapatsira mphamvu waya wa inzake kudzera mu konkire yomwe yawagwira onse awiri. Akangogundana m'mphepete, pamenepo pamakhala ngati palibe chitsulo, ndipo mudzazindikira pakapita miyezi, mng'alu wowongoka ukadutsa ndendende pamene anakumanirana.

Maso a meshi imeneyi ndi masentimita 20 mbali zonse. Amisiri ambiri amasanjikiza maso awiri, omwe ndi masentimita 40, n'kumanga ndi waya. Ngati injiniya walemba muyeso wina papulani, tsatirani wakewo.

Tsono tiwerenge bwino. Chitsulo chisafike kumphepete kwenikweni, chingachite dzimbiri, choncho siyani masentimita 5 mbali iliyonse. Malo oyala atsala mamita 9.9 ndi 6.9. M'litali, mashiti awiri olumikiza amafika mamita 11.6, ndiye akwana ndi kutsalako. M'lifupi ndi momwe anthu amapusitsikira. Mzere woyamba umaphimba mamita 2.4, koma mzere uliwonse wotsatira umangowonjezera mamita 2, chifukwa masentimita 40 agona pa unzake. Mizere itatu, yomwe ndi mashiti 6, imafika mamita 6.4 basi. Patsala kampata ka theka la mita.

Kampata aka kasakugulitseni mashiti ena awiri athunthu. Pamodzi ndi posanjikiza, kakufuna chidutswa cha masentimita 90 m'lifupi. Dulani shiti imodzi pakati motsata litali, mupeza zidutswa ziwiri za mamita pafupifupi 1.2, zomwe mukazilumikiza zitseka mzere wonse. Onse pamodzi ndi mashiti 7. Ine ndimaona kuti kujambula mashiti papepala la masamu musanapite kusitolo kumaposa kungowonjezera ena mongoganizira, chifukwa mumaoneratu podula. Funsaninso kukula kwa shiti, popeza A142 nthawi zambiri imabwera ya mamita 4.8, ndipo kwina amagulitsa yokulunga.

Samalaninso pamene ngodya za mashiti anayi zakumana. Mulu wa waya umakwera, ndipo pa silabu ya masentimita 10 ukhoza kutulukira pamwamba. Lumikizani mosemphanitsa: mzere wina uyambe ndi shiti yathunthu, wotsatira uyambe ndi yodula.