Imelo yoperekeza malisiti kwa akauntanti: kunena zomwe zilimo ndi zomwe zikusowa

Amalonda ambiri masiku ano sanyamulanso thumba la malisiti popita kwa akauntanti. Amajambula lisiti lililonse pafoni, pulogalamu ya pakompyuta nkuwerenga zithunzizo ndi kuika tsiku, dzina la wogulitsa, ndalama ndi msonkho wa VAT m'tebulo. Zithunzi ndi tebulolo zimaikidwa m'foda imodzi. Foda yotereyi siyenera kupita yokha. Imafunika imelo yonena zomwe zilimo ndi pomwe pali mipata, chifukwa tebulo limaoneka laudongo ngakhale pamene lili ndi zolakwa.

Tingoyerekeza sitolo ya zipangizo zomangira ku Lilongwe imene ikutumiza malisiti a mwezi wa Juni 2024, ndipo zonse inalipira kudzera kubanki kapena pafoni. Imelo yake imayamba ndi kutchula mwezi ndi zomwe zili m'fodamo: zithunzi 120 m'kafoda ka `zithunzi`, tebulo lotchedwa `malisiti_2024-06.csv`, ndi mndandanda wa zovuta wotchedwa `zosowa.csv`. Imanenanso kuti mzere uliwonse wa tebulo uli ndi dzina la chithunzi chomwe unachokerako, kuti akauntanti akakayika nambala aone lisiti lenilenilo osachita kufunsa.

Kenako manambala ayenera kugwirizana poyera. Pa zithunzi 120 zija, 6 sizinawerengeke. Zinayi ndi za malisiti a pepala losalala lija la m'makina a pakauntala, lomwe zilembo zake zimafufutika likakhala padzuwa kapena m'thumba lotentha, ndipo ziwiri ndi za malisiti ong'ambika pomwe panali ndalama yonse. Pa 114 zotsalazo, ziwiri zinali za malisiti ojambulidwa kawiri ndipo zinachotsedwa, kotero tebulo lili ndi mizere 112. Akauntanti akawerenga mizere nkupeza 112, amadziwa kuti palibe chomwe chatayika panjira.

Imelo imafotokozanso tanthauzo la malo opanda kanthu. Danga la VAT likakhala lopanda nambala, mwina katunduyo salipiridwa msonkho, kapenanso pulogalamu inalephera kuwerenga. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Njira yabwino ndi kulemba `0` pomwe lisiti likuonetsa kuti msonkho panalibe, ndi kusiya danga lopanda kanthu pomwe sipanawerengeke, kenako kunena lamuloli mu imelo. Wotumiza asadzaze mpata ndi nambala yongoganizira, chifukwa ikalowa m'mabuku palibenso angaisiyanitse ndi yoona.

Zolakwa zina sizisiya mpata, zimangobisala. Pulogalamu imatha kuwerenga 1 ngati 7, kapena 0 ngati 8. Njira imodzi yozigwirira ndi kuyesa msonkho. M'chaka cha 2024 VAT ku Malawi inali 16.5 peresenti, choncho katundu wa K100,000 anali ndi msonkho wa K16,500, zonse pamodzi K116,500. Mzere woonetsa K176,500 pa katundu yemweyo ukusonyeza kuti 1 wasanduka 7. Masiku nawonso amasokonekera: pulogalamu yotsata kalembedwe ka ku Amereka imawerenga 04/06/2024 ngati 6 Epulo, pomwe kuno ndi 4 Juni, ndipo lisitilo limagwera m'mwezi wolakwika. Imelo inene mosabisa kuti ndi mizere ingati yomwe munthu anaiyerekeza ndi chithunzi ndi maso ake, ndi ingati yomwe sinaunikidwe.

Mpata waukulu ndi wa malisiti omwe sanafike nkomwe m'foda. Tebulo silingaonetse chomwe silinalandire, motero umapezeka poyerekeza ndi sitetimenti. Pa chitsanzochi, mizere 112 ikukwana K4,380,000, pomwe kubanki ndi pafoni panatuluka K4,650,000. Kusiyana kwake ndi K270,000. Mwa ndalamayi, K195,000 ndi ya malipiro atatu a pafoni kwa onyamula katundu omwe sanapereke lisiti, ndipo K75,000 yotsalayo ikuganiziridwa kuti ili m'malisiti 6 osawerengeka aja. Mawu akuti "ikuganiziridwa" ayenera kulembedwa momwemo, chifukwa umboni sunapezeke.

Kumapeto imelo imanena yemwe achite chiyani ndi liti. Mwini sitolo akapempha ogulitsa makope a malisiti ofufutika, ndipo akauntanti agamule za malipiro opanda lisiti, popeza bungwe la MRA limafuna lisiti loyenera lokhala ndi nambala ya TPIN ya wogulitsa kuti VAT yolipiridwa pogula katundu ichotsedwe. Tsiku lomaliza kupereka lipoti la VAT ndi 25 wa mwezi wotsatira, choncho imelo ya malisiti a Juni iyenera kufika kumayambiriro a Julayi kuti nthawi yotseka mipatayi ipezeke.