Zimene Pulogalamu Yoyeza Nthawi Singadziwe Payokha

M'nkhani ino ndifotokoza vuto limodzi la opanga matchipi a makompyuta. Pulogalamu yoyeza nthawi imayembekezera kuti uthenga wochoka mu rejisitala imodzi ufike mu inzake wotchi ya tchipi isanagundenso. Iyo imaona mawaya okha, cholinga cha wopanga siichidziwa.

Tiyerekeze kuti wotchi imagunda pa nanosekondi 10 zilizonse, koma gawo lochulukitsa manambala limatenga 25. Pulogalamuyo idzati uthenga wachedwa ndi nanosekondi 15, chonsecho rejisitala yolandira imatsegulidwa pa kugunda kwachitatu. Tiyenera kuiuza:

```
set_multicycle_path 3 -setup -from A -to B
set_multicycle_path 2 -hold -from A -to B
```

Tikaiwala mzere wachiwiriwo, pulogalamu imaumirira kuti uthenga usafike nanosekondi 20 zisanathe, choncho m'njiramo mumaikidwa zochedwetsa zosafunika.

Njira yabodza ndi ina. Mawaya alipo, koma uthenga sungadutsemo, monga pamene chizindikiro chimodzi chimatsegula khomo loyamba n'kutseka lachiwiri. Lamulo lake ndi `set_false_path`, ndipo ndimaliona loopsa chifukwa pulogalamu imasiyiratu kuyeza njirayo. Ngati tinalakwitsa, lipoti limaoneka labwino, tchipi n'kudzalephera itapangidwa kale.