Nyanja Yopendekeka ndi Nyumba Zogwa Chagada

Nyanja sipendekeka. Choncho ngati pa chithunzi cha ku Salima madzi akuoneka ngati akutayikira kumanzere, kamera ndiyo inapendekeka. Mu Lightroom tsegulani Crop, sankhani Angle, kenako kokani mzere motsata pomwe madzi akumana ndi thambo. Musatsate gombe, limakhota ndipo lingakunamizeni.

Nyumba zazitali vuto lake ndi lina. Mukaloza kamera m'mwamba kuti denga lilowe, makoma amayandikirana kumtunda, nyumba n'kumaoneka ngati ikugwa chagada. Kutembenuza chithunzi sikuthandiza apa. Gwiritsani ntchito Vertical pansi pa Transform. Koma musaongole mpaka mapeto, chifukwa nyumba imaoneka yotupa kumutu. Kuongola kulikonse kumadyanso m'mphepete mwa chithunzi, ndiye nsonga ya nsanja ikakhala pafupi kwambiri ndi malire, imadulidwa.