Nthambi ziwiriziwiri: momwe amapezera mtengo wa opushoni, ndi pamene masamu ake amakanika

M'chaka cha 2005, njala itayandikira, boma la Malawi linagula chinthu chachilendo kudzera ku Standard Bank ya ku South Africa. Linagula ufulu wodzagula matani 60,000 a chimanga choyera pamtengo wogwirizana kale, wotengera msika wa SAFEX ku Johannesburg. Chimanga chikakwera, boma likanagulabe pamtengo wakale uja. Chikatsika, likanangousiya ufuluwo n'kukagula pamsika motchipa. Pangano lotere amalitcha opushoni. Ndalama yogulira ufuluwo ili ngati chikole chosabwezedwa: ukagula katunduyo kapena ukasintha maganizo, yapita basi.

Funso lovuta ndi lakuti chikole chimenechi chikhale ndalama zingati. Msika wa maopushoni wa ku Chicago utatsegulidwa mu Epulo 1973, chaka chomwecho Fischer Black ndi Myron Scholes anatulutsa yankho lawo, koma masamu ake anali a anthu ophunzira kwambiri. Mu 1979 John Cox, Stephen Ross ndi Mark Rubinstein anasindikiza njira yosavuta, potsatira ganizo la William Sharpe. Amaitcha bayinomiyo, ndipo aliyense wodziwa kuchotsera ndi kugawa akhoza kuitsata ndi pensulo.

Tiyerekeze sheya ya kampani ina ikugulitsidwa madola 100 lero. Wina akufuna ufulu wodzaigula pa madola 100 omwewo chaka chikatha. Njira ya bayinomiyo imayamba ndi kuchepetsa dziko lonse kukhala mphanda imodzi: chaka chikatha sheya idzakhala pa 120 kapena pa 80, palibenso kwina. Chiwongoladzanja cha kubanki ndi 5 peresenti pachaka. Sheya ikafika 120, mwini ufulu adzagula pa 100 n'kupindula 20. Ikagwera pa 80, ufuluwo ndi wopanda ntchito.

Ambiri apa amathamangira kufunsa kuti kodi sheyayo ikwera kapena itsika. Njirayi ilibe nalo ntchito funso limenelo. Imafunsa kuti wogulitsa opushoni agule chiyani lero kuti chaka chikatha adzakhale ndi ndalama yokwanira ndendende kulipira, kaya zinthu zapita kumwamba kaya pansi.

Phindu la opushoni limasiyana ndi 20 pakati pa nthambi ziwirizo, pamene mtengo wa sheya umasiyana ndi 40. Kugawa 20 ndi 40 kukupereka theka. Choncho wogulitsa agule theka la sheya pa opushoni iliyonse, kunena kuti masheya 50 ngati wagulitsa maopushoni 100. Nambala imeneyi amalonda amaitcha delita. Theka la sheya likudya madola 50 lero, ndipo chaka chikatha lidzakhala 60 kapena 40. Kenako akongole ndalama imene pamodzi ndi chiwongoladzanja idzakwane 40. Ndalama yake ndi 38.10, chifukwa 40 kugawa ndi 1.05 ndi 38.10.

Tsopano taonani zotsatira. Sheya ikakwera, ali ndi 60, abweza ngongole ya 40, atsala ndi 20 yolipira mwini ufulu. Ikatsika, ali ndi 40, abweza 40, ndipo palibe womufunsa kanthu. Zimene wasonkhanitsazi zikuchita chimodzimodzi ndi opushoni. Kuzisonkhanitsa kwamudyera 50 kuchotsapo 38.10, zomwe ndi madola 11.90, ndipo umenewu ndiwo mtengo wa opushoni. Wina akavomera kugula pa 14, wogulitsa atenga 14, awononga 11.90, n'kuika 2.10 m'thumba popanda chiopsezo chilichonse. Ndalama yaulere yotere sikhalitsa pamsika, chifukwa ogulitsa amachuluka mpaka mtengo utatsika.

Pali njira yachidule yofikira pa yankho lomweli. Madola 100 oikidwa kubanki amakhala 105. Tikafunsa kuti 105 ali pati pakati pa 80 ndi 120, masamu ake ndi awa:

```
p = (105 - 80) / (120 - 80) = 0.625
C = (0.625 × 20 + 0.375 × 0) / 1.05 = 11.90
```

Nambala ya 0.625 imaoneka ngati mwayi wakuti sheya ikwera, ndipo ophunzira ambiri amasokonezeka pomwepa. Si ulosi ayi. Ndi sikelo chabe yochokera ku chiwongoladzanja ndi kutalikirana kwa nthambi ziwirizo. Munthu wokhulupirira kuti kampaniyo ikupita patsogolo ndi mnzake woiona ngati ikugwa ayenera kugwirizana pa 11.90, malinga ngati onse avomereza za 120 ndi 80.

Tikawonjezera chaka chachiwiri, nthambi iliyonse imaphukanso ziwiri. Kukwera ndi kuchulukitsa ndi 1.2, kutsika ndi kuchulukitsa ndi 0.8. Kukwera kawiri kukufikitsa pa 144, kutsika kawiri pa 64, ndipo kukwera n'kutsika kapena kutsika n'kukwera kukumana pamalo amodzi, pa 96. Opushoni yogulira pa 100 ikupereka 44 pa 144, ndipo kwinako sikupereka kanthu. Kuwerengera kumayambira kunsonga kubwerera kutsinde. Pa mphanda ya 120, 44 kuchulukitsa ndi 0.625 n'kugawa ndi 1.05 ndi 26.19. Pa mphanda ya 80 palibe chiyembekezo, choncho ndi 0. Kubwereranso sitepe imodzi kukupereka 15.59 ngati mtengo wa lero.

Koma wogulitsa sangakhale pansi n'kudikira zaka ziwirizo. Lero ayenera kusunga pafupifupi masheya 65 pa maopushoni 100 alionse. Mtengo ukafika 120 awonjezere akhale pafupifupi 92, ukagwera pa 80 agulitse onse. Amagula mtengo ukakwera ndipo amagulitsa ukatsika, ndipo mavuto ambiri a njirayi amayambira pamenepa.

Ubwino waukulu wa bayinomiyo umaoneka pa opushoni yachimereka, imene mwini wake angaigwiritse ntchito tsiku lililonse nthawi isanathe. Tengani ufulu wogulitsa sheya ija pa 100. Kunsonga ukupereka 0, 4 ndi 36. Pa mphanda ya 80, kudikira kuli ndi phindu la 15.24, pamene kugulitsa pompo kukupereka 20. Wanzeru agulitsa pompo, ndipo pa mphandayo timalemba 20. Tikabwerera kutsinde, mtengo wake ndi 7.99, pamene opushoni yosalola kutuluka msanga ikadakhala 6.29. Masamu oyambirira a Black ndi Scholes sangathe kuwerengera kusiyana kumeneku. Pakompyuta, chaka amachidula m'masitepe mazanamazana, ndipo pa opushoni wamba yankho limayandikira kwambiri la Black ndi Scholes.

Nanga 120 ndi 80 zinachokera kuti? Zinachokera m'mutu mwa wowerengera. Akadasankha 130 ndi 70, delita ikadakhalabe theka, ngongole ikadakhala 33.33, ndipo mtengo ukadakwera kufika 16.67. Sheya ndi yomweyo, chiwongoladzanja ndi chomwecho, koma mtengo wasintha ndi madola pafupifupi asanu. Kutalikirana kwa nthambi kumaimira kugwedezeka kwa mtengo, kumene amalonda amati volatilite, ndipo ndi chinthu chokhacho m'masamuwa chimene palibe angachione lero. Amachiyerekeza poyang'ana mitengo yakale, ngati kuti msika umasunga khalidwe lake. Msika susunga khalidwe: pamabwera miyezi yabata, kenako masabata a namondwe.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa pamenepa. Bwererani kwa wogulitsa uja wa theka la sheya ndi ngongole ya 40. Mtengo ukalumpha kufika 150, ali ndi 75, abweza 40, atsala ndi 35, koma mwini ufulu akufuna 50. Wataya 15. Ukagwera pa 60, ali ndi 30 yokha pamene banki ikufuna 40, ndipo wataya 10. Chitetezo chake chinapangidwira malo awiri okha. Sheya ndi ngongole ndi zida ziwiri, ndipo sizingatseke makomo atatu.

Oteteza njirayi amayankha kuti masitepe akafupikitsidwa, wogulitsa amasintha masheya ake pafupipafupi mtengo usanapite kutali. N'zoona ngati mtengo ukuyenda pang'onopang'ono ndipo ogula alipo. Pa 19 Okutobala 1987 mlingo wa masheya wa Dow Jones unagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Makampani ambiri ankatsatira ndondomeko yogulitsa mtengo ukamatsika, yotchedwa inshuwalansi ya chuma chosungidwa m'masheya, imene Rubinstein yemweyo anali mmodzi mwa oiyambitsa. Onse anafuna kugulitsa nthawi imodzi, ogula anasowa, ndipo kugulitsako kunakankhiranso mitengo pansi. Masamu aja ankaganiza kuti wogulitsa mmodzi sangasunthe msika, koma ogulitsa anali khamu lotsatira lamulo limodzi.

Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza mlingo wa mafuranki 1.20 pa yuro imodzi. Kwa zaka zitatu mtengowo unkangogwedezeka pang'ono, moti aliyense woyerekeza nthambi kuchokera ku mbiri akadazijambula zopanikizana. M'mphindi zochepa yuro inagwa kufika pansi pa furanki imodzi, osaima pa masitepe a pakati. Amalawi amadziwa kulumpha kotereku: mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti pa chilengezo chimodzi. Mtengo wogwiridwa ndi boma umaoneka wabata kwambiri tsiku lotsala kuti uduke.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimadya phindu mwakachetechete. Kugula ndi kugulitsa kulikonse kuli ndi malipiro a broka, choncho kufupikitsa masitepe kumachulukitsa ndalama zotayika. Masamu amati munthu amakongola ndi kukongoza pa chiwongoladzanja chimodzi, pamene banki iliyonse imalipiritsa wokongola kuposa zimene imapatsa wosunga. Phindu limene kampani imagawira eni masheya limatsitsa mtengo wa sheya, ndipo woiwala kuliika pa nthambi amakweza molakwika mtengo wa ufulu wogula.

Pali chizindikiro chimene aliyense angachione. Tengani mitengo yeniyeni ya maopushoni a sheya imodzi, otha tsiku limodzi koma osiyana mtengo wa pangano, n'kuwerengera chobwerera kuti mupeze kugwedezeka kumene mtengo uliwonse ukusonyeza. Njirayi ikadakhala yolondola, yankho likadakhala limodzi pa onse. Chiyambire 1987, maopushoni oteteza ku kugwa kwakukulu kwa masheya a ku America amasonyeza kugwedezeka kokulirapo kuposa ena onse. Amalonda amalipira zowonjezera pa tsoka limene nthambi zolingana sizilionetsa. Mu 1994 Rubinstein analemba njira yojambula nthambi kuchokera ku mitengo ya pamsika, m'malo mouza msika mtengo woyenera.

Bayinomiyo ikadali chida chabwino chophunzitsira ndiponso chowerengera maopushoni achimereka pamisika yodzaza ogula ndi ogulitsa. Pamsika wa malonda ochepa, pomwe sheya imatha masiku osagulidwa, kapena pa ndalama imene mtengo wake umalengezedwa ndi boma, nambala imene imatulukayo ndi yongoyerekeza. Inu amene mungapatsidwe mtengo wa opushoni, funsani kugwedezeka kumene kwagwiritsidwa ntchito, ndiponso ngati wogulitsayo angathedi kugula ndi kugulitsa katunduyo pa tsiku lovuta.