Loko ya ndalama zambiri, masikuluwu ya pa kabati: mmene mungamangire hasipu kuti igwire

Mu komboni iliyonse muli munthu uyu, ndipo mwina mumakwera naye basi imodzi m'mawa. Akalandira malipiro apita ku Kamwala, agula loko yaikulu yolemera ngati njerwa, afika pa nyumba ayamba kuonetsa maneba. Koma mukayang'ana pamene lokoyo ikolekedwa, mupeza kachitsulo kopyapyala kogwidwa na tumasikuluwu tunayi twa pa kabati, mitu yonse ili panja. Kawalala sangataye nthawi na loko yotere. Abwera na sikuludiraiva masana inu muli mu tauni, amasula tumasikuluwu, alowa, atenga TV na silinda ya gasi. Madzulo mupeza loko yanu ili yokhoma bwinobwino, ikulendewera chabe pa chitseko chotseguka.

Ngati mukhala mu rumu ya renti ndipo tsiku lonse mumakhala kulibe, nkhani ya lero ni yanu. Choyamba, tidziwe zitsulo zimene tikamba. Hasipu ili na mbali ziwiri. Pali dzanja lalitali lokhala na hinji, limene limapindika, ndipo pali mphete imene imatulukira pa bowo la dzanjalo kuti loko ilowemo. Dzanja limamangidwa pa chitseko, mphete pa felemu. Shuta, kaya kuti lachi, ni kachitsulo kaja kotsetsereka kamene mumakankha kuti kalowe mu felemu.

Cholakwa chimene chili pa zitseko zambiri ni kumanga hasipu chotambasula. Munthu aigoneka yonse yotambalala pa chitseko, akhoma masikuluwu, basi. Koma hasipu inapangidwa kuti dzanja lizipindikira pamwamba pa kapuleti kake ka mabowo. Mukaimanga bwino, potseka dzanja limaphimba masikuluwu ake omwe, ndipo kutsogolo limaphimbanso masikuluwu a mphete. Kuyesa kwake ni kosavuta. Tulukani panja, khomani loko, muyang'ane. Ngati muona mutu wa sikuluwu olo umodzi umene sikuludiraiva ingafikepo, ndiye kuti hasipu ili chagada, kapena ni yaifupi maningi.

Musanaboole chilichonse, gogodani chitseko chanu na chala. Chitseko cha mapulanga enieni chimalira mogonthera paliponse. Chitseko cha fulashi, chija chosalala cha pulaiwudi, chimalira ngati ng'oma, chifukwa mkati ni mphako, ndipo khungu lake ni mamilimita atatu kapena anayi chabe. Mu chitseko chotere mtengo weniweni uli m'mbali-m'mbali na pa malo ang'ono pamene pamakhala handulo. Gogodani mpaka mupeze pamene kulira kwasintha, mulembe na pensulo, hasipu ikhale pamenepo. Mukamanga pa mphako, sikuluwu imazuka na dzanja chabe, ndipo bauti mukaimanga kwambiri imabonyola chitseko. Kunena zoona, chitseko cha fulashi ni cha mkati mwa nyumba. Ngati ndicho chili panja pa rumu yanu, kambani na ba landilodi za kusintha, chifukwa phazi limodzi lamphamvu limachiboola olo hasipu ikhale yabwino bwanji.

Manje tiyeni titsatire nchito imodzi kuyambira poyamba. Titenge mnyamata wina kondakita wa ku Kanyama, amene amachoka kusanache na kubwera usiku. Chitseko chake ni cha mapulanga, chonenepa mamilimita 40, ndipo chimatsegukira mkati monga zitseko zambiri za marumu. Apa pali vuto limene ambiri saliona pogula. Mukaima panja, chitseko chotsegukira mkati sichilingana na nkhope ya felemu, chimakhala cholowa mkati. Pa rumu iyi ayeza na tepi, apeza kuti chalowa mamilimita 30. Hasipu yowongoka singagone bwino pamenepo. Anthu ambiri amangoipinda na hamala, ndipo pamatsala mpata waukulu pansi pa dzanja, pamene chitsulo chokanulira chimalowa mosavuta.

Njira yabwino ni kuika kabuloko ka mtengo wolimba, monga mukwa, pansi pa hasipu. Kabulokoko kakhale konenepa mamilimita 30 ndendende, kuti pamwamba pake palingane na felemu. Makalipentala a ku Kalingalinga amakhala na tuzidutswa totsala totere, ndipo angakudulireni mu saizi.

Pa chitseko, mnyamatayu sagwiritsa masikuluwu. Agwiritsa mabauti a mamilimita 6 opyola mpaka mkati, chifukwa sikuluwu imagwira chabe mu nyama ya mtengo, pamene bauti kuti izuke afunika kung'amba chitseko chonse. Utali wake auwerengera chonchi. Kapuleti ka hasipu ni mamilimita 3, kabuloko 30, chitseko 40, kapuleti kachitsulo ka mkati 3, washa na nati pafupifupi 8. Zonse pamodzi ni 84, ndiye mu hadiweya apempha mabauti a mamilimita 90. Kapuleti ka mkati kaja musakaiwale. Ni kachitsulo kafulati kokulirapo kuposa hasipu, koboola mabowo ofanana, ndipo nchito yake ni kuletsa manati kumira mu mtengo wina akayamba kukanula. Ngati simunakapeze, ikani mawasha aakulu.

Mutu wa bauti nawo muusankhe. Pamene dzanja la hasipu liphimba, ikani bauti ya mutu wafulati, kuti dzanja ligone bwino. Pamene mutu uonekera panja, monga pa shuta ya panja yokhomera loko, ikani bauti ya mutu wobulungira wosalala, yopanda mzera wa sikuludiraiva. Bauti imeneyi ili na khosi la makona anayi pansi pa mutu, ndiye ngati mabowo a chitsulo chanu ni ozungulira, akonzeni pang'ono na fayelo kuti khosilo likhalemo.

Poyamba kumanga, atseka chitseko mmene chimatsekera masiku onse, agoneka hasipu pa kabuloko, alemba mabowo na pensulo. Bowo lililonse likhale mamilimita 25 kapena kuposa kuchoka pa mphepete pa mtengo, apo ayi mtengo ung'ambika. Aboola bowo limodzi chabe na biti ya 6.5, alowetsa bauti, amanga nati pang'ono. Ndiye apinda dzanja kufika pa felemu, alowetsa mphete mu bowo la dzanja, alemba pamene mphete yakhala. Muone ndondomeko iyi: dzanja ndilo limauza mphete pokhala. Amene amayamba kukhoma mphete amapezeka aboola felemu kawiri katatu, mpaka mtengo wasanduka sefa.

Pa felemu, pamene nthawi zambiri bauti ilibe potulukira, aika masikuluwu onenepa mamilimita 5, otalika 60. Ayamba kuboola kabowo ka mamilimita 3 pa sikuluwu iliyonse, apaka kasopo, amanga na dzanja. Sikuluwu siikhomedwa na hamala. Hamala imaphwanya nyama ya mtengo imene mazinga afunika kugwira, ndipo mumadziwa kuti zavuta sikuluwu ikamazungulira chabe osalimba. Zikatero, musaikemo mitengo ya machisa monga amachitira ena. Boolani bowo lokulirapo, mukhomemo kamtengo kozungulira na guluu, kaume, muboolenso.

Mphete ikhale pakati pa bowo la dzanja, kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu pamwamba na pansi. Mvula ikayamba mu Novembala mtengo umatupa, ndipo chitseko chimatsikako pang'ono pa mahinji. Hasipu imene inali yothina mu Okutobala imakana kutseka mu Januwale, ndipo munthu wochedwa ku nchito amangoisiya. Akaona kuti dzanja litseka na chala chimodzi, ndipo pamene aboola mabowo otsala a pa chitseko, aika kapuleti ka mkati, amanga manati onse.

Pa chitseko chachitsulo nkhani isintha. Masikuluwu aja a malata, a mutu wa makona sikisi, amamasuka na sipanala yaing'ono, ndipo maliveti a aluminiyamu amachoka na dirilo mu kanthawi kochepa. Apa pafunika kuwotcherera, ndipo ba welda monga a ku Garden na Kalingalinga amabwera na makina pa nyumba, bola muwaitane pa nthawi imene malaiti alipo. Koma muziyang'ana nchito. Felemu yachitsulo ija yopinda imene amaika mu nyumba za mabuloko ni yopyapyala, milimita imodzi na pang'ono, ndiye moto ukachuluka imaboka. Welda wodziwa amayamba kupala penti mpaka chitsulo chiwale, agwiritsa marodi ang'ono a 2.5, ndipo pamalo opyapyala amayamba kuwotcherera kapuleti ka mamilimita 3, mphete ikhale pa kapuletiko. Akangodonthetsa tumadontho tunayi mu makona, muwauze mwaulemu: "Ba welda, zungulirani mbali zonse." Akatha, agogode makoko akuda aja muone pansi pake. Mzere wabwino umakhala wosalala wolumikizana. Ngati uli na tumabowo ngati chisa cha njuchi, hamala imodzi ichotsa. Pomaliza pakani penti yofiira ija yoletsa dzimbiri, chifukwa powotcherera ndipo pamayamba kudyeka mvula ikagwa.

Shuta ya mkati, yokhomera usiku, lamulo lake ni limodzi: ilowe mokwanira. Kachitsulo kakalowa mamilimita asanu chabe, phewa limodzi lichotsa. Kalowe mamilimita 15 kapena 20. Kuti mupeze malo enieni a bowo, mangani shuta pa chitseko choyamba, pakani choko kapena polishi ya nsapato pa nsonga pake, tsekani, mukankhe, ndiye muboole kapena kumanga kachitsulo kolandirira pamene pasiyidwa chizindikiro.

Loko nayo igwirizane na mphete. Khosi la loko lidzaze bowo la mphete, ndipo likhale lalifupi. Loko ya khosi lalitali imasiya malo a chodulira zitsulo.

Chomaliza ni cha moyo. Hasipu ya panja imatsekera munthu mkati. Mukakhala mu nyumba, khomani loko pa mphete yokha, dzanja lili lotseguka, kuti wina asakutsekereni na waya kapena msomali pamene anzake akuba pa neba. Ndipo musakhomere ana mkati na loko ya panja, ati "nipita chabe pa maketi." Mu rumu ya mawindo a mabagla, moto wa kandulo kapena utsi wa mbaula ukayamba, chitseko ndiyo njira yokha yotulukira, ndipo hasipu imene mwamanga bwino ija idzakanizanso maneba amene abwera kuthandiza.