Nyimbo, phokoso ndi bata pa uthenga wa malonda

Uthenga wa malonda wa pa wailesi kawirikawiri umatenga masekondi 30. M'kanthawi kameneka, kupatula mawu a wolengeza, khutu la womvera limalandira zinthu zitatu: nyimbo, phokoso loyerekezera zochitika, ndi bata. Zonsezi ntchito yake ndi imodzi, kuthandiza kuti dzina la katundu, mtengo wake ndi kumene akupezeka zimveke bwino. Chilichonse cholimbana ndi mawu a wolengeza chimayenera kuchotsedwa, ngakhale chikome bwanji.

Chitsanzo chabwino ndi cha sitolo yogulitsa mbewu ya chimanga, imene ikufuna kulengeza malonda mu Okutobala, mvula ili pafupi. Nyimbo yoyenera pamenepa ndi ya zing'wenyeng'wenye zokha, yopanda woyimba, chifukwa munthu satha kutsatira mawu a anthu awiri nthawi imodzi. Nyimbo yotchuka imakopa, koma womvera amayamba kuyimba nawo n'kuphonya mtengo wa mbewu. Liwiro lake lifanane ndi kalankhulidwe ka wolengeza. Ikhoza kumveka mokweza masekondi awiri oyambirira, kenako n'kutsitsidwa wolengeza akangoyamba kulankhula. Poyesa, wokonza uthenga amamvetsera pa kawailesi ka mabatire kapena pa foni, osati pa masipika a mu situdiyo okha, pakuti ambiri amamvera mu minibasi kapena pa msika. Ngati dzina la sitolo silikumveka pa kawailesiko, nyimbo yakwera kwambiri.

Phokoso loyerekezera limauza womvera kumene nkhani ikuchitikira popanda kuwononga mawu. Vuto lake n'lakuti khutu lokha limasokonezeka msanga. Mvula yogwa pa dothi ikajambulidwa imamveka ngati mafuta ali m'chiwaya, pamene mvula yogwa pa malata, bingu likumveka patali, aliyense amaizindikira. Phokoso limodzi lomveka bwino n'lokwanira, ndipo wolengeza amalitsimikizira ndi mawu, monga kunena kuti mvula yayandikira. Hutala ndi sayirini zimapewedwa chifukwa zimadzidzimutsa oyendetsa galimoto.

Bata nalo limasankhidwa dala. Nyimbo ikadulidwa theka la sekondi kapena sekondi imodzi wolengeza asanatchule dzina la sitolo, khutu limatcheru, ndipo mawu otsatirawo amalowa. Bata likatalika, womvera amaganiza kuti magetsi azima kapena mabatire atha, n'kusintha siteshoni. Likabwerezedwa kangapo mu uthenga umodzi limatha mphamvu.

Nkhani ya umwini ndiyo imagwetsa ambiri m'mavuto. Nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa amene anapeka mawu ndi mayimbidwe ake. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, umene umakhudza oyimba ndi amene analipira zojambula. Wa sitolo akafuna nyimbo monga mmene inatulukira, amayenera chilolezo cha mbali zonse ziwiri. Akalemba ganyu gulu lina kuti liyimbenso, chilolezo cha wopeka chimafunikabe. Kugula nyimbo, kuilandira pa WhatsApp kapena kutengako masekondi asanu okha sikupereka ufulu woigwiritsa ntchito pa malonda.

Ku Malawi nkhanizi zili m'lamulo loteteza umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, ndilo limatolera ndalama za oyimba ndi opeka nyimbo kuchokera ku nyumba zoulutsira mawu. Ndalama zimene wailesi imapereka n'zoulutsira nyimbo. Kumata nyimbo ya munthu pa katundu wa sitolo ndi nkhani ina, yofunika kugwirizana ndi mwini wake, popeza omvera amaona ngati woyimbayo akuchitira umboni katunduyo.

Nyimbo za pa intaneti nazo zili ndi malamulo ake. Zolembedwa kuti royalty-free sizitanthauza zaulere. Nthawi zambiri munthu amalipira kamodzi, ndipo chilolezo chimatchula kumene nyimboyo ingamveke. Za Creative Commons zokhala ndi chizindikiro cha NC n'zoletsedwa pa malonda. Uthenga ukaikidwa pa Facebook kapena YouTube, makina amazindikira nyimbo ya eni ake, ndipo akhoza kutseka mawu kapena kuchotsa kanemayo.

Kwa sitolo yaing'ono, njira yosavuta ndi kulipira woyimba wa m'deralo kuti apeke kanyimbo katsopano. Mgwirizano wake ulembedwe ndi kusainidwa, ndipo utchule ndalama, miyezi imene nyimbo idzagwire ntchito, ngati ndi ya pa wailesi pokha kapena pa kanema ndi pa intaneti pomwe, komanso ngati woyimbayo angaigulitsenso kwa sitolo ina ya mbewu. Nthawi ya mgwirizano ikatha, uthenga umachotsedwa pa wailesi kapena chilolezo chimawonjezeredwa.